Akukumbukira Ndani? Mlandu wa Mafilimu a Tsiku Lobwerezabwereza

Pali chizolowezi china pakati pa ife ophunzitsa zolembedwa chimene chanditopetsa. Munthu akangotchula filimu imene tsiku limodzi limabwerezabwereza, monga Groundhog Day ya mu 1993 kapena Edge of Tomorrow ya mu 2014, anzanga ena amapukusa mutu n'kunena kuti izo ndi nthano chabe, ndipo nthano siifunsidwa malamulo. Amati munthu amene wavomera kuti tsiku lingache kawiri alibenso pakamwa pofunsira kuti uje wadziwa bwanji chakuti. Ophunzira athu ena, makamaka okonda sayansi, amagwera mbali inayo. Iwo amafuna awuzidwe chimene chachititsa kuti nthawi izungulire, ndipo akapanda kuuzidwa amati filimuyo ndi yosapsa. Ndikutsutsa magulu onse awiri. Chochititsa kuzungulirako chikhoza kubisidwa osawononga kanthu. Chimene sichingaseweretsedwe ndi kaundula wa chikumbumtima cha zochitika, ndiye kuti: kukacha, ndani akukumbukira, akukumbukira chiyani, ndipo ndani akudziwa kuti mnzake akukumbukira. Tsatanetsatane yense wa nkhani za mtundu uwu wamangidwa pa kaundula ameneyu.

Oti nthano ilibe malamulo ndiwakayikira ngati anakhalapo pamoto ndi ana. Ana amavomera kuti Kalulu amayankhula. Koma wokamba nthano ayerekeze kumupatsa Kaluluyo chinsinsi chimene sanachimve paliponse, ana omwewo amudula pakamwa n'kumufunsa kuti anachidziwa bwanji. Chozizwitsa amachilandira kwaulere, koma nzeru ya mpangankhani amafuna aone kumene yachokera.

Tiyambe ndi Groundhog Day, imene anaitsogolera Harold Ramis ndipo nkhani yake anayamba kuilemba Danny Rubin. Phil Connors, wolosera zanyengo pa wailesi yakanema ku Pittsburgh, watumidwa ku tauni ya Punxsutawney kukaulutsa mwambo wa pa 2 Febuluwale. M'mawa uliwonse nthawi ikakwana 6:00 amadzuka pa bedi lomwelo, wailesi ikuimba nyimbo yomweyo, ndipo tsiku ndi lomwelo la 2 Febuluwale. Filimuyi siinena chifukwa chake. Pa nthawi yokonza nkhaniyi panalembedwa gawo lina lofotokoza kuti Phil analodzedwa ndi mkazi amene anamusiya, koma gawolo silinalowe mu filimu, ndipo palibe woonera amene amalisowa. Kaundula wake ndiye ngwokhwima. Phil yekha ndiye amakumbukira. Thupi lake limabwerera mwakale, kotero kuti akadzipha amadzukanso wopanda bala. Ndalama zimene waononga zimabwerera, ndende imene wagonamo imamutulutsa, anthu onse amaiwala. Chimene chimawoloka usiku ndi chokhacho chimene chili m'mutu mwake.

Kuchokera pa lamulo limodzili mukutuluka zochitika zonse. Taonani za Nancy Taylor. Tsiku lina Phil amufunsa dzina, sukulu imene anaphunzira ndiponso dzina la mphunzitsi wake. Kukacha amupeza, namutchula dzina, nadzionetsa ngati mnzake wakale wa m'kalasi. Nancy sangakane, pakuti ndani angadziwe zimenezo kupatula amene anali naye? Pano ife a zachiyankhulo tili ndi chonena. Anthu awiri akamacheza amaponda pa nthaka ya zimene onse akuzidziwa, ndipo aliyense amadziwa kuti mnzake akuzidziwanso. Chichewa chimaionetsa nthakayi poyera m'mawu oloza. Ndikati munthu uyo, ndikuloza amene tonse tikumuona. Ndikati munthu uja, ndikukukumbutsani amene tonse tinamuona kapena kumukamba kale. Mawu akuti uja, lija, chija ndi pangano lakuti inu ndi ine tili ndi dzulo limodzi. Tsoka la Phil ndi lakuti iye ali ndi ma uja ambirimbiri koma palibe amene angamuyankhe kuti eya, ndakumbuka. Ndipo tchimo lake pa Nancy ndi kupeka uja wabodza: atenga zimene anamva dzulo losakumbukika nazigulitsa ngati zaka zimene anakhalira limodzi.

Njira yomweyo aiyesa pa Rita, mkazi amene akugwira naye ntchito. Tsiku ndi tsiku amatola kanthu kamodzi: chakumwa chimene Rita amakonda, mawu amene amanena asanamwe, zoti ku koleji anaphunzira ndakatulo za Chifalansa. Akalakwitsa lero, mawa akonza. Koma usiku uliwonse umathera pa khofi la patsaya, ndipo filimu imationetsa makofiwo motsatizana. Amene amati malamulo alibe ntchito atiuze chifukwa chake njirayi inaphula kanthu pa Nancy koma inakanika pa Rita. Yankho lili mu kaundula. Rita amakhala ndi Phil tsiku lonse, ndipo ngakhale sakumbukira za dzulo, amaona kuti munthuyu akudziwa zambiri kuposa zimene tsiku limodzi lingapereke, ndiponso kuti kuseka kwake ndi kothamangitsa, ngati kwa munthu amene akufulumira kufika pa tsamba limene analiwerenga kale. Mawu Phil angawasunge ndendende. Chimene sangachibwezere ndi kusadziwa kwake kwa tsiku loyamba. Lamulo lomwe likumupatsa mphamvu ndi lomwenso likumulanda.

Pali kachinthu kena kamene kamafunika kukaunika. Phil amaphunzira kuimba piyano. Tsiku lililonse amagogoda kwa mphunzitsi amene kwa iye ili ndi phunziro loyamba, mpaka adzafika poimba mwaluso pa phwando la usiku. Apa filimu yagamula mwakachetechete kuti luso la m'zala lili mbali ya maganizo, osati ya thupi. Wina angatsutse kuti minofu ya zala imabwerera mwakale m'mawa uliwonse. Kutsutsa kumeneko ndi kwabwino, ndipo ndi umboni wakuti woonera akuwerengera. Chofunika n'chakuti filimu itagamula sinasinthenso: chosema cha madzi oundana, Chifalansa, piyano, zonse zimatsata chigamulo chimodzi. Yerekezani ndi Happy Death Day ya mu 2017, mmene mtsikana wotchedwa Tree amaphedwa usiku uliwonse. M'menemo thupi limasunga kuvulala, ndipo madokotala amapeza zipsera za m'kati. Kusintha kochepako kwabala nkhani ya mtundu wina. Phil ali ndi nthawi yopanda malire, choncho vuto lake ndi lakuti achite nayo chiyani. Tree masiku ake akutha, choncho vuto lake ndi kupeza womupha thupi lisanagonje.

Tsopano ndifike pa chitsanzo chimene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi chimene chimatseka pakamwa otsutsa. Edge of Tomorrow anaitsogolera Doug Liman, kuchokera m'buku la Hiroshi Sakurazaka la mu 2004. William Cage ndi msilikali wa muofesi, wodziwa kuyankhula pa wailesi koma wosadziwa nkhondo. Amukankhira ku nkhondo yolimbana ndi zilombo zochokera kunja kwa dziko, pa gombe la France. Kumeneko apha chilombo cha mtundu wotchedwa Alpha, magazi ake namuthira iye akufa. Kuyambira pamenepo, akafa amadzuka dzulo lake pa bwalo la asilikali la ku Heathrow. Malamulo ake ndi atatu ndipo amanenedwa poyera. Tsiku limabwerera pokhapokha Cage atafa. Iye yekha ndiye amakumbukira. Mphamvuyo ili m'magazi, kotero kuti akavulala n'kuikidwa magazi a munthu wina, yatha.

Chatsopano mu filimuyi ndi Rita Vrataski. Iyeyu anali nayo mphamvu yomweyo pa nkhondo ya ku Verdun, ndipo anaitaya ataikidwa magazi. Choncho kaundula wathu ali ndi mzere wachitatu. Pali wokumbukira, pali oiwala, ndipo pali woiwala amene akulidziwa lamulo. Rita sakumbukira kuti anakumana ndi Cage dzulo, koma Cage akangomufotokozera amakhulupirira msanga, pakuti zinamuchitikirapo. N'chifukwa chake pophunzitsa Cage nkhondo, akangomuona wathyoka mwendo amamuombera m'mutu. Munthu wosatsata lamulo aona nkhanza kapena nthabwala. Wotsata lamulo aona kuti chipatala ndicho mdani wamkulu wa awiriwa.

Pakati pa filimuyi pali gawo la pa nyumba ya pafamu. Cage ndi Rita athawa pa gombe, ayenda pa galimoto mpaka mafuta atha, ndipo afika pa nyumba yosiyidwa pamene pali helikopita. Kufika apa woonera wakhala akuyenda phazi ndi phazi ndi Cage. Taona akufa, akudzuka, akuyesanso. Takhulupirira kuti zimene iye akukumbukira nafenso tikuzikumbukira, ndipo popeza nyumbayi sitinaionepo, tikuganiza kuti nayenso akuiona koyamba. Iyenso akuchita ngati mlendo. Akunena kuti makiyi a helikopita sakudziwa kumene ali, akumanga bala la Rita, akumupangira khofi. Kenako pothira shuga aonetsa kuti akudziwa kuti Rita amathira katatu. Rita sanamuuze zimenezo lero. Mkazi wina aliyense akanati mwina wangolota. Koma uyu ndi woiwala wodziwa lamulo, ndipo nthawi yomweyo afunsa kuti afikapo kangati pamalopa.

Shuga ameneyu akugwira ntchito zitatu pa kamphindi kamodzi. Akuulula kwa Rita kuti Cage akunama, ndipo makiyi ali nawo. Akuulula kwa ife oonera kuti filimu yatibisira maulendo ambiri, kuti sitilinso limodzi ndi wokumbukira koma tatsitsidwa kukhala mbali ya oiwala. Ndipo akuulula chifukwa cha bodzalo: Cage wayesa njira zonse, ndipo nthawi iliyonse Rita akaliza helikopita chilombo chobisala pafupi chimamupha. Munthuyu akuchedwetsa dala, akufuna khofi ndi moto ndi kucheza, chifukwa wamukonda mkazi amene kwa iye wakhala naye miyezi, pamene kwa mkaziyo Cage ndi munthu wa dzulo lomweli. Palibe mawu achikondi amene anenedwa. Chikondicho tachiwerengera tokha kuchokera pa kusiyana kwa zimene awiriwa akudziwa. Rita akwerabe helikopita, ndipo akufa amuuza Cage dzina lake lapakati, Rose, mphatso imene iye mwini kukacha sadzadziwa kuti anapereka.

Tsopano chotsani lamulo limodzi lokha muone. Rita akanakhala kuti amakumbukira pang'ono, ngati maloto, sipakanakhala bodza loti ligwidwe. Akanakhala kuti sanakhalepo ndi mphamvuyo, shugayo akanadutsa osaonedwa. Filimu ikanakhala yosasamala kale, Cage n'kumadziwa zinthu zimene sanaziphunzire, ifenso sitikanadzidzimuka, tikanangoti ndi kulakwitsa kwina. Kudzidzimuka kwathu ndi malipiro a kusamala kwa ola lonse lapitalo. Amene amati malamulo ndi nkhani ya ana okonda kuwerengera sanaone kuti gawo lokhudza mtima kuposa onse mu filimuyi ndi masamu.

Lamulo la magazi nalonso limabweza ngongole yake. Chakumapeto Cage avulala pothawa ku London, ndipo adzuka m'chipatala ataikidwa magazi. Kwa nthawi yoyamba imfa yakhalanso imfa. Ulendo womaliza wopita ku Paris, kumene chilombo chachikulu chotchedwa Omega chabisala pansi pa nyumba ya Louvre, uli ndi mantha amene nkhondo zonse za pa gombe zinalibe. Komabe sindiikhululukira filimuyi pa mathero ake. Cage apha Omega, magazi ake namukuta, ndipo adzuka osati pa bwalo la Heathrow paja koma m'mbuyo mwake, mu helikopita yopita ku London, nkhondo itatha kale, onse amene anafa ali moyo. Palibe lamulo limene tinapatsidwa lonena kuti podzukira pangasunthe chotero, kapena kuti Omega angakhalebe wakufa pamene ena onse auka. Apa olemba anagula chimwemwe ndi ndalama imene analibe. Chimene chimapulumutsa mphindi yomaliza n'chakuti kaundula wa kukumbukira sanakhudzidwe: Cage apita kwa Rita, Rita amuyang'ana ngati mlendo, ndipo Cage angoseka.

Ndikudziwa chimene otsutsa adzanditulutsira. Adzatchula Lola rennt ya Tom Tykwer, ya mu 1998, mmene Lola ali ndi mphindi 20 zoti apeze ndalama za ku Germany zokwana 100,000 ndipo ulendowo uchitika katatu. Pa ulendo woyamba sadziwa kumasula loko wa mfuti mpaka bwenzi lake Manni amuuza. Pa ulendo wachiwiri amasula yekha. Kodi akukumbukira? Filimu siyankha. Adzati nayo filimu yotchuka yopanda lamulo. Ine ndikuti chitsanzochi chili mbali yanga. Kachitidwe ka mfutiko kamatigwira chifukwa china chilichonse chikutiuza kuti Lola sakumbukira, ndipo Tykwer waika mng'alu umodzi dala, pamalo oonekera. Kusiya funso lotseguka ndi chisankho cha mmisiri. Kuiwala zimene unanena kale ndi ulesi. Njira yosiyanitsira ziwirizi ndi yapafupi: funsani ngati filimu yakuonetsani mng'aluwo, kapena ikuyembekeza kuti simuuona.

Palm Springs ya mu 2020, yotsogoleredwa ndi Max Barbakow, inachita chimene Groundhog Day sinayese: inaika anthu atatu m'kati mwa tsiku limodzi, la 9 Novembala, tsiku la ukwati. Aliyense amene walowa m'phanga lina la m'chipululu amakodwa. Nyles wakhalamo nthawi yaitali moti anaiwala ntchito imene ankagwira. Roy anamulowetsa ndi Nyles yemweyo ataledzera, ndipo amamusaka ndi uta pobwezera. Sarah, mkulu wake wa mkwatibwi, ndiye walowa kumene. Pano mawu akuti uja apeza womuyankha, ndipo pamodzi nawo pabwera chinthu chimene Phil sanakumane nacho, ndicho mlandu. Phil ankalakwira anthu amene kukacha analibe chodandaula. Nyles ali ndi mboni. Anauza Sarah kuti sanagonepo naye m'masiku am'mbuyo, pamene anagona naye kambirimbiri Sarah asanalowe m'phanga. Bodzali likaululika silingafufutidwe ndi tulo, ndipo funso limene Groundhog Day inalilambalala pa Nancy lafunsidwa poyera: kodi munthu amene sakumbukira walakwiridwa kapena ayi?

Malo odzukira nawonso asanduka chilango. Sarah amadzuka m'mawa uliwonse m'chipinda cha Abe, mkwati, mwamuna wa mng'ono wake, amene anagona naye usiku wa pa 8. Cholakwacho chinachitika tsiku lisanayambe kuzungulira, choncho palibe ulendo umene ungachikonze. Nyles amatha kunena kuti palibe chimene chili ndi kanthu chifukwa iye amadzuka pabwino. Sarah sangathe, ndipo n'chifukwa chake ndi iyeyo amene amathera masiku osawerengeka akuphunzira sayansi kuti apeze potulukira. Filimu imatibisira chipindacho kwa nthawi ndithu, monga momwe Liman anatibisira nyumba ya pafamu, ndipo chikaululika makhalidwe onse a Sarah amveka mwatsopano.

Koma nayonso ili ndi banga, ndipo nditsiriza nalo. Sarah ayesa njira yake yotulukira pa mbuzi: ailowetsa m'phanga, aiphulitsa ndi mabomba, ndipo anena kuti kuyambira pamenepo mbuziyo sikupezekanso m'tsikulo. Umenewo ndiwo umboni wake wakuti njirayo ikugwira ntchito, ndipo lamulo limene tikutolapo ndi lakuti wotuluka amasowa. Awiriwa atuluka. Kenako filimu itionetsa Roy, amene watsala m'kati, atamva uthenga umene Sarah anamusiyira pa foni. Afika pa ukwati napeza Nyles ali pomwepo, atavala bwino, koma osamudziwa. Roy amwetulira, pozindikira kuti njira ilipo. Gawoli ndi lokoma, ndipo likukoma chifukwa cha kaundula yemwe uja: kuiwala, kumene mu filimu yonse kunali chizindikiro cha ukaidi wa wokumbukira, kwasanduka chizindikiro cha ufulu. Komatu ngati Nyles wotuluka wasiya m'malo mwake Nyles woiwala, mbuzi ija inayenera kusiyanso mbuzi, ndipo Sarah sakanakhala ndi umboni uliwonse woti akhulupirire bomba lake.